Chifukwa chiyani kukhuta kumatipeza titadya kale mopitirira?

Anthu ambiri amene amakapimitsa shuga kapena kuthamanga kwa magazi m'zipatala za ku Chipata, Katete ndi Petauke amabwerako ndi malangizo awiri. Loyamba ndi lakuti achepetse nsima. Lachiwiri ndi lakuti azidya pang'onopang'ono, poti ubongo umatenga mphindi 20 kuti udziwe kuti mimba yadzaza. Langizo lachiwirili ndi limene limazunguza mitu. Munthu akaponda munga phazi limadumpha nthawi yomweyo, nanga uthenga wa m'mimba umachedwa kuti? Pamwamba pa izi pabweranso nkhani za majakisoni a shuga, monga Ozempic, amene akuti amachititsa munthu kukhuta ndi chakudya chochepa. Ena ayamba kuganiza kuti kukhuta ndi nkhani ya mankhwala basi, ena akuti ndi kudziletsa chabe.

Yankho lake lalifupi ndi lakuti uthenga suchedwa panjira. Chimachedwa ndi chakudyacho kufika pamalo pomwe thupi limachiwerenga. Kuti zimenezi zimveke tiyenera kutsatira mbamu ya nsima kuchokera m'kamwa mpaka m'matumbo.

Chifu chimayeza kuchuluka, osati mphamvu

Chifu ndi thumba la minofu limene limafwafwatika likakhala lopanda kanthu. Chakudya chikayamba kulowa, makoma ake amadzimasula okha kuti apereke malo, moti munthu wamkulu angathe kuikamo lita imodzi kapena imodzi ndi theka asanamve kupweteka. M'makoma amenewa muli timitsempha timene timamva kukokeka. Timitsemphati timatumiza uthenga kudzera mu mtsempha waukulu wotchedwa vegasi, umene umakwera kudutsa m'chifuwa ndi m'khosi n'kukafika kumunsi kwa ubongo. Uthenga umenewu ndi wachangu, sutenga ngakhale sekondi yathunthu.

Akatswiri akale ankakhulupirira kuti nkhani yonse ya njala ndi kukhuta imathera m'chifu. M'chaka cha 1912 Walter Cannon wa ku America ndi wophunzira wake A. L. Washburn anachita kafukufuku wotchuka: Washburn anameza chibaluni cholumikizidwa ku chubu, ndipo anapeza kuti nthawi imene iye ankamva kulumwa ndi njala inkagwirizana ndi nthawi imene chifu chake chinkafinyika. Kwa zaka zambiri anthu anaganiza kuti funso layankhidwa. Koma pambuyo pake madokotala anaona kuti odwala amene anachotsedwa chifu chonse pa opaleshoni amamvabe njala ndipo amakhutabe. Choncho panali china chimene chimalankhula ndi ubongo kuwonjezera pa chifu.

Chofunika kugwira apa ndi chakuti timitsempha ta m'chifu timadziwa kuchuluka kwa zimene zalowa, koma sitidziwa kuti zalowazo ndi chiyani. Ofufuza atatseka potulukira pa chifu cha makoswe n'kuthiramo madzi a mchere kapena chakudya chamadzimadzi, makoswewo anachepetsa kudya mofanana bola kuchuluka kwake kufanane. Chifu sichisiyanitsa mbale ya bonongwe ndi mbale ya tchipisi ngati zonse zitenga malo ofanana. Ndipo poti makoma ake amayamba ndi kudzimasula, kukokeka kumamveka kwenikweni chakudya chitachuluka kale.

Taganizirani depoti yogulitsirapo chimanga nthawi yokolola. Ngolo ndi malole amatsitsa matumba pabwalo mofulumira. Mlonda wa pageti angathe kuimba foni nthawi yomweyo kunena kuti bwalo likudzaza, koma sadziwa kulemera kwa matumbawo kapena ngati muli chimanga chabwino. Zimenezo amadziwa ndi kalaliki wa pasikelo, ndipo sikelo ndi imodzi, matumba amakwerapo limodzilimodzi. Bwalo ndiye chifu, mlonda ndiye mtsempha wa vegasi, kalaliki ali m'matumbo.

Khomo lopapatiza ndi akalaliki a m'matumbo

Kumapeto kwa chifu kuli kamnofu kozungulira kamene kamatseka ndi kutsegula njira yopita m'matumbo aang'ono. Kamnofuka sikalola chakudya cholimba kudutsa mpaka chitasinjika kukhala tizidutswa ta mamilimita awiri kapena kucheperapo. N'chifukwa chake munthu akadya chakudya cholimba pamapita kanthawi, kawirikawiri mphindi 20 kapena 30, pamene chifu chimangopondaponda ndi kusakaniza, chotuluka chili chochepa kwambiri. Kenako chimayamba kutulutsa pang'onopang'ono, pa liwiro la makalori awiri, atatu kapena anayi pa mphindi. Kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya, ndipo munthu wamkulu amafuna makalori pakati pa 2,000 ndi 2,500 pa tsiku, kupitirira apo ngati amagwira ntchito yolemetsa.

Chakudya chikafika m'matumbo chimakumana ndi timaselo timene timalawa zimene zili m'kati mwake n'kutulutsa mahomoni, timadzi timene timanyamula mauthenga m'thupi. Mahomoni a nkhani ino amadziwika ndi zilembo, ndipo atatu ndiwo oyenera kuwadziwa.

Yoyamba ndi CCK, imene imatuluka koyambirira kwa matumbo aang'ono ikamva mafuta ndi mapuloteni. Inapezeka mu 1928 ngati chinthu chimene chimafinya thumba la ndulu, ndipo kwa zaka zoposa 40 anthu ankaidziwa pa ntchito zothandiza kugaya chakudya zokha. Mu 1973 James Gibbs, Robert Young ndi Gerard Smith anaonetsa kuti makoswe obayidwa CCK amasiya kudya msanga. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti matumbo amauza ubongo kuti zakwana. CCK imachitanso china chodabwitsa: imachititsa kuti kukokeka kwa chifu kumveke kwambiri. Nsima yomweyo imene simaimva pa mphindi 10 mumaimva kulemera pa mphindi 25, osati chifukwa yachuluka, koma chifukwa kalaliki wayamba kutsimikizira zimene mlonda ananena.

Ina iwiri ndi GLP-1 ndi PYY, imene imachokera kwambiri kumunsi kwa matumbo. Imayamba kukwera m'magazi pakapita mphindi 10 mpaka 15 chiyambireni kudya, koma PYY imafika pachimake patatha ola limodzi kapena awiri. Ntchito yake ndi kuchepetsa chilakolako cha chakudya ndiponso kuuza chifu kuti chichepetse liwiro lotulutsa. Majakisoni amene akutchukawa ali ndi mankhwala otsanzira GLP-1. Kusiyana kwake ndi kwakuti GLP-1 ya m'thupi imaphwanyidwa m'mphindi zochepa, pamene ya m'jakisoni imakhala m'magazi masiku, moti ubongo umakhala ukumva uthenga wa kukhuta munthu asanasambe n'komwe m'manja. N'chifukwa chakenso nseru ndi kusanza zili m'gulu la mavuto amene amadza kawirikawiri ndi mankhwalawa.

Palinso homoni ya njala, girelini, imene Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa anaipeza ku Japan mu 1999. Imapangidwa m'chifu, imakwera nthawi ya chakudya ikayandikira, ndipo imatsika munthu akadya. Koma nayonso sitsika chifukwa chifu chadzaza: kumwa madzi ambiri sikuitsitsa. Imadikira kuti chakudya chifike m'matumbo, ndipo imafika pansi penipeni pakapita pafupifupi ola. Leputini, imene Jeffrey Friedman ndi anzake anaipeza mu 1994, ndi nkhani ina. Imachokera m'mafuta a m'thupi ndipo imauza ubongo za nkhokwe ya masabata ndi miyezi, osati za mbale ya lero.

Tsono mphindi 20 zija si nambala imene wina anaiyeza n'kupeza kuti ndi yomweyo kwa aliyense. Ndi chiyerekezo cha nthawi imene mauthenga a m'matumbo amakhala atakwera mokwanira kuti munthu awamve. Kukhuta sikuyaka ngati getsi pa mphindi ya 20, kumakula pang'onopang'ono ndipo kumapitiriza kukula munthu atasamba kale m'manja.

Mbale imodzi ya masana, tiiwerengere

Tiyerekeze bambo wogulitsa m'sitolo pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, amene nthawi ya masana amathamangira pa lesitilanti yapafupi kuopa kuti makasitomala angamudikire. Amupatsa mitanda iwiri ikuluikulu ya nsima ndi nkhuku yokazinga ya msuzi, pambali timasamba pang'ono.

Ufa wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100 alionse. Tinene kuti mtanda uliwonse unatenga ufa wa magalamu 100, umene ukaphikidwa ndi madzi umapereka nsima yolemera magalamu 300 kapena kuposerapo pang'ono. Mitanda iwiri ndi makalori 720. Nkhuku ndi mafuta ake tiziike pa 250. Mbale yonse yayandikira makalori 1,000, pafupifupi theka la zimene munthu wongokhala m'sitolo amafuna tsiku lonse. Mitanda ya kwanu ingakhale yaing'ono kapena yaikulu kuposa apa, ndipo njira yodziwira ndi kuyeza ufa umene walowa mu mphika n'kugawa ndi chiwerengero cha mitanda yomwe yaomoledwa.

Bamboyu wamaliza mbale yonse m'mphindi 10. Izi sizovuta ndi nsima, chifukwa mbamu ikakanyidwa bwino m'dzanja n'kusunsidwa mu msuzi imatsetsereka kukhosi osatafunidwa kwenikweni. Akhala akumeza makalori 100 pa mphindi iliyonse. Pa nthawi yomweyo khomo la chifu, ngakhale titati linayamba kutulutsa kuyambira mbamu yoyamba, lalola makalori 30 kapena 40 okha kudutsa. Kunena kwina, pa matumba 100 amene atsitsidwa pabwalo, atatu kapena anayi okha ndiwo akwera pasikelo. Ubongo wamva kuti chifu chadzaza pang'ono, poti mwalowa zinthu zosakwana lita imodzi, koma girelini ikadali pamwamba ndipo PYY yangoyamba kumene.

Pa mphindi imeneyi mayi wa palesitilanti akafunsa kuti, "Ndikuwonjezereni nsima, bambo?" thupi lilibe chifukwa chokanira. Mtanda wachitatu ndi makalori ena 360, ofanana ndi kuyenda pansi makilomita asanu kapena asanu ndi limodzi. Botolo la chakumwa chotsekemera la mamililita 500 liwonjezera ena pafupifupi 200, ndipo zamadzi zimadutsa m'chifu mofulumira moti sizisiya kukokeka kokhalitsa. Pakatha theka la ola bambo uja ali kuseri kwa kauntala, lamba wathina, akugeya, maso akulemera. Chakudya sichinawonjezeke m'mimba. Mauthenga ndiwo afika onse pamodzi.

Pali chizindikiro chapafupi chodziwira ngati izi zimakuchitikirani. Ngati pomaliza kudya mumamva kuti mwadya bwino koma pakapita mphindi 20 kapena 30 mumamva kuvimbidwa, ndiye kuti munamaliza kudya mauthenga asanafike.

Liwiro la kudya: zimene zinayezedwa

Langizo la kudya pang'onopang'ono ndi lakale. Cha m'ma 1900 munthu wina wa ku America, Horace Fletcher, anatchuka polalikira kuti chakudya chizitafunidwa mpaka chisungunuke m'kamwa, ndipo ankalonjeza kuti zimenezi zichiritsa matenda osiyanasiyana. Zambiri zimene ankanena zinalibe umboni. Kuyeza kwenikweni kunabwera mochedwa.

Mu 2008 ofufuza a pa yunivesite ya Rhode Island anaitana amayi 30 kudzadya chakudya chofanana kawiri. Tsiku lina anawauza kuti adye mofulumira ndi supuni yaikulu, tsiku lina anawapatsa supuni yaing'ono n'kuwauza kuti azitafuna bwino ndi kuika supuniyo pansi akameza. Podya mofulumira anadya makalori 646 m'mphindi 9. Podya pang'onopang'ono anadya 579 m'mphindi 29, ndipo ananena kuti akhuta kwambiri kuposa tsiku linalo. Pali kachilema kamodzi pa kafukufukuyu kamene eni ake anakavomereza: podya pang'onopang'ono amayiwo anamwanso madzi ambiri, ndiye mwina madziwo anathandizira.

Mu 2010 ku Athens, m'dziko la Greece, amuna 17 anapatsidwa ayisikirimu wa mamililita 300, tsiku lina kuti amalize m'mphindi 5, tsiku lina m'mphindi 30. Chakudya chinali chofanana ndendende, koma magazi awo anaonetsa PYY ndi GLP-1 yambiri pa tsiku limene anadya pang'onopang'ono. Girelini sinasiyane kwenikweni. Izi zikusonyeza kuti liwiro silimangopatsa mauthenga mpata wofika, limasinthanso mphamvu ya mauthengawo.

Taonani komabe kukula kwa phindu lake. Kusiyana kwa 646 ndi 579 ndi makalori 67, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Ndi phindu ndithu likamachitika tsiku ndi tsiku, koma si chozizwitsa, ndipo kafukufuku wina anapeza kusiyana kocheperapo, makamaka pakati pa anthu onenepa kale.

Chimene chimalamula liwiro kwambiri si chifuniro cha munthu koma kulimba kwa chakudya. Mu 1977 ofufuza a ku Britain anapatsa anthu maapulo athunthu, ophwanyidwa ndi ofinyidwa. Madzi a maapulo anamwedwa mofulumira kuwirikiza ka 11 kuposa kudya zipatsozo, ndipo anali osakhutitsa kwenikweni. Kwathu kuno kusiyana komweko kulipo pakati pa chimanga chootcha ndi thobwa, kapena pakati pa mtedza wokazinga wotafuna umodziumodzi ndi chiponde. Nsima ya mgaiwa kapena ya ufa wa rola ili ndi gaga wambiri kuposa ya ufa woyera kapena wa bulekifasi, ndipo anthu ambiri amati imakhalitsa m'mimba, ngakhale makalori ake sasiyana kwambiri. Ndiwo zotafuna, monga nyemba, kapenta, chiwawa kapena khwanya, zimachedwetsa dzanja mwachibadwa. Therere limachita zosiyana ndi zimenezo, amene analidyapo akudziwa mmene mbamu imathamangira nalo.

Kukula kwa mbale

Ngati thupi silinathe kuwerenga pa nthawi imene munthu akusiya kudya, ndiye chimamuimitsa n'chiyani? Nthawi zambiri ndi kutha kwa chakudya m'mbale. Apa ndi pamene pali umboni wolimba kwambiri pa nkhani yonseyi.

Mu 2002 Barbara Rolls ndi anzake a pa yunivesite ya Pennsylvania State anapatsa anthu akuluakulu makaroni a tchizi pa masiku osiyanasiyana, m'miyeso inayi kuyambira magalamu 500 mpaka 1,000. Ngakhale muyeso wochepetsetsa unali wokwanira kwa ambiri. Komabe atapatsidwa waukulu kwambiri anadya zochuluka ndi 30 peresenti kuposa atapatsidwa wochepa, ndipo atafunsidwa za kukhuta mayankho awo sanasiyane. Ambiri sanazindikire n'komwe kuti miyeso inkasintha. Wina anganene kuti thupi likadya kwambiri lero limabweza mawa. Rolls anayesanso zimenezo mu 2007, pokulitsa chakudya chonse ndi theka kwa masiku 11. Anthuwo anapitiriza kudya makalori oposa 400 owonjezera tsiku lililonse mpaka kumapeto.

Chifukwa chake sichimodzi. Mbale imene taikiridwa imatiuza kuti muyeso woyenera ndi uwu. Chakudya chikachuluka mbamu nazo zimakula, motero liwiro limakwera. Ndiye palinso kukumbukira. Mu 1998 Paul Rozin anafotokoza za odwala amene anavulala ubongo moti sakumbukira zimene zangochitika kumene. Atadya chakudya chamasana n'kupatsidwa china patapita mphindi zosakwana 30, ankadyanso, nthawi zina n'kuyamba chachitatu. Chifu chinali chodzaza, koma popanda kukumbukira kuti adya, uthenga wa m'mimba pawokha sunawaletse. N'chifukwa chake kudya maso ali pa foni kapena pa mpira wa pa wailesi yakanema kumachulutsa zimene munthu amadya.

Ine pamenepa ndimaona kuti malangizo a kuchipatala aja sali olemera mofanana. Liwiro linasintha kudya ndi pafupifupi 10 peresenti, kukula kwa mbale ndi 30 peresenti. Komanso liwiro limafuna kuti munthu azidzikumbutsa pa mbamu iliyonse, pamene muyeso umasankhidwa kamodzi, pa nthawi yoomola. Bambo wa ku Kapata uja akanapempha kuti mtanda wachiwiri ukhale m'mbale yovundikira pambali, n'kuyamba ndi masamba ndi nkhuku, n'kudya mtanda woyamba mosathamanga, bwenzi pofika pa funso la mtanda wachiwiri padutsa mphindi 15 kapena 20. Mwina akanaudya wonse, mwina theka. Wachitatu uja sukanafunsidwa n'komwe.

Za mbale zing'onozing'ono zimene zimalembedwa kawirikawiri, zakuti mukadyera m'kambale kakang'ono maso amanyengeka, umboni wake ndi wosakanikirana, ndipo zina mwa zolemba zimene zinatchukitsa ganizoli zinachotsedwa m'magazini a sayansi chifukwa cha zolakwika. Chimene chili chotsimikizika ndi kuchuluka kwa chakudya chimene chaikidwa, osati kukula kwa chiwiya.

Mbale ya pamodzi, ana ndi alimi

Kafukufuku yense watchulidwayu anachitikira ku America, ku Ulaya ndi ku Japan, kumene munthu aliyense amadyera m'mbale yake. M'midzi yambiri ya kuno banja limazungulira mbale imodzi ya nsima ndi imodzi ya ndiwo. Pamenepo muyeso wa munthu suoneka, ndipo liwiro ndi limene limagawa chakudya. Wochedwa amapeza ndiwo zatha. Amene anakulira pa mbale yotere, kapena kusukulu yogonera komweko, amaphunzira kumeza mofulumira, ndipo chizolowezicho chimamutsatira ngakhale atayamba ntchito ya mu ofesi kumene palibe womulanda. Kuwonjezera apo pali ulemu: mlendo akasiya nsima yambiri eni nyumba amadandaula kuti mwina ndiwo sizinakome.

Koma mbale ya pamodzi yomweyo imapweteka mwana wamng'ono mwa njira yosiyana. Chifu cha mwana chimalandira pafupifupi mamililita 30 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye mwana wa makilogalamu 10 amadzaza ndi mamililita 300, kapu imodzi ndi pang'ono. Phala likakhala lamadzimadzi, chifu chimadzaza n'kutumiza uthenga wa kukhuta mphamvu yolowa ili yochepa. Ndi nkhani ya mlonda yomwe ija, koma apa mlonda akutseka geti matumba ali opepuka. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu mu Zambia anali opinimbira. Kwa ana otere chofunika ndi phala lolimbirapo lothira nsinjiro, mafuta pang'ono kapena dzira, kuwapatsa kambale kawokawo kuti zioneke zimene adya, ndi kuwadyetsa kangapo pa tsiku.

Chimodzimodzi mlimi wopalira fodya kapena thonje kuyambira m'bandakucha, wa kabaza wopalasa njinga tsiku lonse, mayi woyamwitsa, kapena wodwala chifuwa chachikulu amene akuyenera kubwezeretsa thupi. Kwa iwowa mitanda itatu ingakhale muyeso woyenera. Langizo la kuchepetsa mbale ndi la munthu amene thupi likuwonjezeka, shuga kapena kuthamanga kwa magazi kukukwera, ndipo ntchito yake ndi yokhala pansi.

Pamene kukhuta kapena njala ndi chizindikiro cha matenda

Si kusintha kulikonse kwa kukhuta kumene kumachokera ku liwiro ndi muyeso. Munthu amene wayamba kukhuta ndi mbamu zochepa, makamaka ngati akuonda, akusanza, akuvutika kumeza kapena akuchita chimbudzi chakuda ngati phula, apite kuchipatala osachedwa, chifukwa zilonda kapena chotupa cha m'chifu chimayamba motero. Odwala shuga kwa zaka zambiri nthawi zina mtsempha wa vegasi umawonongeka, chifu n'kumachedwa kutulutsa chakudya, moti amavimbidwa maola ambiri ndi kusanza chakudya chimene anadya kale. Njala yosatha yobwera ndi ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kuonda ndi chifukwa chokwanira chokapimitsa shuga. Ndipo amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a shuga a gulu la gilibenikilamaidi asachepetse nsima mwadzidzidzi asanakambirane ndi dokotala kapena namwino wawo, popeza mankhwala akakhala omwewo chakudya chitachepa, shuga angatsike mpaka munthu kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kukomoka.

Mafunso amene akadali poyera

Akatswiri sanagwirizanebe ngati kudya pang'onopang'ono kumachepetsa thupi pakapita zaka. Kafukufuku wa ku Japan wa mu 2008, wa anthu oposa 3,000, anapeza kuti amene amadya mofulumira ndiponso mpaka kukhutiratu anali ndi mpata wonenepa wowirikiza katatu. Koma kafukufuku wotere amangojambula anthu pa nthawi imodzi. Sanena ngati liwiro ndi limene linawanenepetsa, kapena ngati anthu obadwa ndi chilakolako chachikulu ndiwo amadya mofulumira n'kunenepanso.

Pali mkangano wina pa chimene chimagwira ntchito munthu akachedwetsa kudya. Ena akuti ndi nthawi imene mahomoni amapeza. Ena akuti ndi nthawi imene chakudya chimakhala m'kamwa, poti kutafuna ndi kulawa nakonso kumatumiza uthenga ku ubongo. Ngati achiwiriwa akulondola, kukhala phee pakati pa mbamu n'kumamezabe osatafuna sikungathandize kwambiri wodya nsima.

Funso lachitatu ndi la zakudya za m'mafakitale. Mu 2019 Kevin Hall anagoneka anthu 20 pa chipatala cha kafukufuku ku America, masabata awiri akudya zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale, masabata awiri zakudya zosakonzedwa. Pa zoyambazo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera pa tsiku, ndipo ankadya mofulumira. Kaya vuto ndi kufewa kwake, kaya ndi kuchuluka kwa mphamvu pa mbamu iliyonse, kaya china, ofufuza akadatsutsana.

Lomaliza ndi la muyeso wochepetsedwa. Zikuoneka kuti munthu akaikiridwa zochepa pang'ono sabweza zonse pa chakudya chotsatira, koma pali malire amene akapitirira njala imamubwezera ku zitumbuwa ndi tiyi wa shuga wambiri nthawi ya madzulo. Malire amenewo ali pati kwa munthu amene chakudya chake chachikulu ndi nsima, ndiponso ngati maso ndi mimba zimazolowera mtanda wocheperako pakapita miyezi, ndi mafunso amene akufunika kuyezedwa pa mbale zathu zomwe.